Kupatsidwa nambala ya bokosi si kupatsidwa kalata

Masiku ano wophunzira wa mbiri yakale, zilankhulo kapena chikhalidwe cha anthu sangaithawenso kompyuta. Akafika chaka chomaliza amakhala ndi mulu wa mayankho a kafukufuku, ndipo wina amamuuza kuti aphunzireko Python pang'ono kuti ntchito ichepe. Maphunziro afupiafupi amene ambirife timadutsamo amayamba ndi `print`, kenako `if`, kenako `for`. Koma pali funso limodzi limene amalilumpha, ati n'lovuta, n'la anthu a sayansi ya kompyuta: ukalemba `b = a`, m'kati mwa makinamo mwachitika chiyani? Kodi tsopano uli ndi zinthu ziwiri, kapena chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri?

Ine ndikuti funso limeneli liziyankhidwa sabata yoyamba, ndi chojambula cha pa bolodi, munthu asanaphunzire china chilichonse. Chifukwa chake n'chakuti wosadziwa yankho lake amawononga deta yake mwakachetechete. Kompyuta simukalipira, silemba uthenga wofiira, imangomupatsa nambala zooneka bwino koma zabodza.

Khoma la mabokosi

Amene munafikapo pa positi ofesi, kaya pa Boma pa Mangochi kaya ku Monkey Bay, mukulidziwa khoma lija la timabokosi tambirimbiri, kalikonse ndi nambala yake pachitseko. Memore ya kompyuta muziiona choncho. Ndi mzere wautali wa timabokosi, kalikonse kosunga baiti imodzi, ndipo kalikonse kali ndi nambala yake imene imatchedwa adiresi. Pa bokosi lililonse pali zinthu ziwiri zoti musazisokoneze: nambala ya pachitseko, ndi chimene chili m'katimo.

Tsono pali njira ziwiri zogawira mnzanu uthenga umene uli m'bokosi lanu. Yoyamba ndi kutulutsa kalatayo, kuipanga fotokope, n'kumupatsa pepala lakelake. Akalembapo zake papepalalo, akaling'amba, ngakhale akakulungira usipa, kalata yanu ili bwinobwino. Kumeneko ndiye kukopera. Njira yachiwiri ndi kumulembera pakapepala nambala ya bokosi n'kumupatsa kiyi. Simunamupatse kalata, mwamupatsa njira yokafikira pa kalatayo. Akakafufuta mzere umodzi, inunso mukatsekula mawa mupeza mzerewo palibe, poti kalata ndi imodzi yomweyo. Kapepala ka nambala kaja ndiye poyinta.

Chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie adapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972, chimaonetsa zimenezi poyera. Tiyerekeze kuti tikusunga mtengo wa ndowa ya usipa. Nambala zonse za mitengo m'nkhani ino ndi zongopeka kuti tiphunzirepo.

```c
int a = 9000;
int b = a;
int *p = &a;
```

Mzere woyamba ukutenga malo m'memore, kawirikawiri mabaiti 4, n'kuikamo 9000. Wachiwiri ukutenga malo ena atsopano n'kukoperamo 9000 yemweyo. Wachitatu ndi wosiyana. Chizindikiro `&` chikutanthauza kuti "adiresi ya", choncho `p` sakusunga mtengo wa usipa ayi, akusunga nambala ya bokosi la `a`. Tikajambula, ndi maadiresi ongoyerekeza, zikuoneka motere:

```
1000   a   9000
1004   b   9000
1008   p   1000
```

Kumanzere kuli adiresi, pakati dzina, kumanja chimene chili m'bokosi. Onani kuti `p` nayenso ali ndi bokosi lake pa 1008. Poyinta si matsenga, ndi bokosi wamba, kungoti chili m'katimo ndi nambala ya bokosi lina. Tsopano tisinthe zinthu:

```c
b = 7000;
*p = 12000;
```

Mzere woyamba wasintha bokosi 1004 lokha, `a` sanamve kanthu. Wachiwiri uli ndi kanyenyezi, kamene kakuti "pita ku adiresi imene ili mwa `p`, ukalembe kumeneko". Kompyuta iwerenga 1000, ipita ku bokosi 1000, ilemba 12000. Mapeto ake `a` ndi 12000 pamene `b` ndi 7000. Dzina la `a` silikuoneka pamzere umenewo, komabe `a` wasintha. Phunziro lonse lagona pamenepa: chinthu chikhoza kusintha kudzera m'dzina limene inu simukuliyang'ana.

Wina afunsa kuti nanga bwanji osangokopera chilichonse, mavuto athe? Yankho ndi kulemera kwa katundu. Mawu amene munajambula pocheza ndi asodzi kwa ola lathunthu akhoza kukwana mamegabaiti 50. Pulogalamu ikamawakopera nthawi iliyonse pamene ikuwapatsira ku gawo lina, memore idzaza msanga ndipo laputopu iyamba kukwawa. Adiresi pa makompyuta ambiri a lero imangotenga mabaiti 8, kaya ikuloza ku nambala imodzi kaya ku kanema wa maola atatu. Chifukwa chachiwiri n'chakuti nthawi zina timafunadi kuti onse aone chinthu chimodzi. Mtengo ukasintha, tikufuna usinthe paliponse pamene ukugwiritsidwa ntchito, osati tiyambe kusakasaka makope khumi.

Poyinta ndi refarensi

Ambiri a ife sitidzalemba C. Tidzalemba Python, imene Guido van Rossum adaitulutsa mu 1991, ndipo mu Python mulibe `&` wa adiresi kapena kanyenyezi kotsatira adiresi. Apa ndi pamene anthu amanamizika kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Zoona zake n'zakuti mu Python dzina lililonse ndi refarensi.

Kusiyana kwake ndi uku. Poyinta ya mu C ndi nambala ya bokosi imene ili m'manja mwanu: mukhoza kuiwerenga, kuiwonjezera kuti iloze bokosi loyandikana nalo, ngakhale kuilozetsa kumene kulibe chanu. Refarensi ya mu Python kapena Java ili ngati kiyi amene chilankhulocho chimakugwirirani. Mukatchula dzina, chimakutsekulirani bokosi loyenera, koma simungachite masamu pa adiresiyo. Ngozi zina zachepa, koma mfundo yaikulu ija sinasinthe: makiyi awiri akhoza kutsekula bokosi limodzi.

Tiyeni tione mmene zimapwetekera. Tiyerekeze kuti wophunzira wina akufufuza za moyo wa amayi ogula ndi kuyanika usipa m'madoko anayi a m'boma la Mangochi: Msaka, Chembe, Malembo ndi Makawa. Walemba mtengo wa ndowa pa doko lililonse. Umodzi ukuoneka wachilendo, 90000, ndipo iye akuganiza kuti chala chidaterereka pa ziro. Mwanzeru ndithu, akufuna kusunga nambala zoyambirira osazikhudza, n'kukonza pa kope.

```python
oyamba = [9000, 9500, 90000, 8800]
okonza = oyamba
okonza[2] = 9000
print(oyamba)
```

Python imayamba kuwerenga pa 0, ndiye `[2]` ndi nambala yachitatu, ya ku Malembo. Iye akuyembekezera kuti `oyamba` akadali ndi 90000. Chimene chituluke ndi `[9000, 9500, 9000, 8800]`. Mzere wachiwiri uja sudapange fotokope. Udangodula kiyi wachiwiri. Chojambula chake ndi mndandanda umodzi ndi mivi iwiri:

```
oyamba --> [9000, 9500, 9000, 8800] <-- okonza
```

Taonani zotsatira zake. Avereji ya nambala zoyambirira ndi 29325, pamene ya zokonzedwa ndi 9075. Wophunzira uja akafuna kuonetsa mu lipoti kusiyana kwa ziwirizi, apeza 9075 mbali zonse, n'kulemba kuti kukonzako sikudasinthe kanthu. Akasunga `oyamba` pamwamba pa fayilo yakale, 90000 uja wapita. Mwina sanali kulakwitsa kwa chala. Mwina ku Malembo adamuuza mtengo wa muyeso wina waukulu, ndipo nambalayo ikadamukumbutsa kuti akafunsenso. Kwa ife a maphunziro a za anthu, gwero loyambirira ndi chuma. Wolemba mbiri sapita ku National Archives ku Zomba n'kukakonza galamala pa kalata ya mu 1915. Koma ndi mzere umodzi wa khodi timachita zomwezo pa deta yathu, osadziwa.

Njira yodziwira ndi yachidule. Lembani `oyamba is okonza`. Ikayankha `True`, ndiye kuti ndi chinthu chimodzi. Musasokoneze `is` ndi `==`. Chizindikiro `==` chimafunsa ngati zam'kati zikufanana, ndipo makalata awiri a fotokope amafanana ngakhale ali m'mabokosi osiyana. Pamene `is` amafunsa ngati bokosi ndi lomwelo. Mankhwala ake ndi kupempha kope mwachindunji: `okonza = oyamba.copy()`. Mukatero `==` ayankha `True` poyamba, koma `is` ayankha `False`, ndipo mukhoza kukonza mmene mungafunire.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza oyamba kumene. Mukalemba `a = 9000`, kenako `b = a`, kenako `b = 7000`, mupeza kuti `a` akadali 9000. Munthu amaona zimenezi n'kutsimikiza kuti `=` amakopera. Sichoncho ayi. Mzere womalizawo sunasinthe 9000, wangochotsa muvi wa `b` n'kuulozetsa ku nambala ina. Mu Python nambala ndi mawu sizisinthika m'kati, choncho kugawana kwake sikuoneka. Mndandanda umasinthika m'kati. Lamulo loti mulisunge ndi ili: `okonza = ...` amasuntha muvi, pamene `okonza[2] = ...` ndi `okonza.append(...)` amatsata muvi n'kukasintha chimene chili kumapeto kwake. Chimodzimodzinso mukapereka mndandanda ku fankishoni: imalandira kiyi, osati fotokope, ndipo ikasintha zam'kati mndandanda wanu wasinthanso.

Envelopu yodzaza makiyi

Ngakhale `.copy()` ali ndi malire. Tinene kuti wophunzira uja tsopano akufuna tebulo la madoko anayi ndi nsomba zitatu: usipa, utaka ndi chambo. Akuyamba ndi maziro, mwachidule:

```python
tebulo = [[0, 0, 0]] * 4
tebulo[0][0] = 9000
print(tebulo)
```

Walemba mtengo wa usipa wa pa Msaka pokha. Koma zotuluka ndi izi:

```
[[9000, 0, 0], [9000, 0, 0], [9000, 0, 0], [9000, 0, 0]]
```

Madoko onse anayi alandira 9000. Chifukwa chake n'chakuti `* 4` sanapange mizere inayi. Wapanga makiyi anayi a mzere umodzi. Apa zikuoneka msanga chifukwa tebulo ndi laling'ono. Likakhala la mizere 300, yodzazidwa ndi `for`, palibe amene amaliwerenga lonse. Mzere uliwonse umafufuta unzake, ndipo pamapeto madoko onse amaonetsa mitengo ya doko lomaliza. Chizindikiro chake ndi chimenecho: mukaona mizere yonse ikufanana ndi womaliza, musayambe kulemba kuti msika wa nsomba ndi wogwirizana modabwitsa. Yesani `tebulo[0] is tebulo[1]`. Kalembedwe koyenera ndi `[[0, 0, 0] for _ in range(4)]`, kamene kamapanga mzere watsopano ulendo uliwonse.

Tebulo lokonzedwa bwinolo mukalikopera ndi `.copy()`, mumapeza mndandanda wakunja watsopano, koma mizere ya m'kati ndi yomwe ija. Zili ngati kupatsa mnzanu envelopu yatsopano, koma m'katimo muli makiyi a mabokosi anu omwe aja. Akachotsa kiyi mmodzi mu envelopu yake, yanu siikhudzidwa. Koma akatsekula bokosi n'kusintha kalata, nonse mwakhudzidwa. Kuti mukopere mpaka pansi, lembani `import copy` kenako `copy.deepcopy(tebulo)`. Dziwani kuti zimenezi zimadya memore yofanana ndi deta yonseyo, choncho si zochita paliponse mwachisawawa. Zichiteni pamene mukufunadi kuteteza choyambirira.

Bokosi likapatsidwa kwa wina

Kugawana mosadziwa ndi ngozi yoyamba. Yachiwiri ndi adiresi imene yatsala mwini atasamuka. Munthu akasiya kulipira bokosi lake, limadzaperekedwa kwa wina, koma achibale akutali amene sanamve amapitiriza kutumiza makalata ku nambala yakale. Mu C zimachitika chonchi: pulogalamu imabweza malo a memore ndi `free`, koma poyinta ina ikadali ndi adiresi ija. Ikadzaigwiritsanso ntchito, iwerenga kapena kulemba m'bokosi limene tsopano ndi la chinthu china. Nthawi zina pulogalamu imagwa pomwepo, nthawi zina imapitirira ndi deta yowonongeka, ndipo akuba a pa intaneti amalowera pamipata yotere. Mu 2019 kampani ya Microsoft idanena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo a chitetezo amene imatseka chaka ndi chaka amachokera ku kusagwira bwino memore. Python imapewa vuto ili powerenga kuti ndi makiyi angati amene akulozabe ku chinthu, ndipo siichotsa chinthucho pamene wina akadali ndi kiyi.

Palinso kapepala kopanda nambala, kamene mu C ndi `NULL`, mu Java ndi `null`. Tony Hoare, amene adaika refarensi yopanda kanthuyi m'chilankhulo cha ALGOL W mu 1965, adavomera yekha mu 2009 kuti idabweretsa chiwonongeko cha ndalama zankhaninkhani. Mu Python chofanana nacho chimene mudzakumana nacho ndi `None`. Mukalemba `okonza = oyamba.sort()`, mndandanda `oyamba` usanjidwa pomwepo, ndiye kuti dongosolo la madoko lasokonekera, ndipo `okonza` alandira `None`. Amene amabweza mndandanda watsopano osakhudza wakale ndi `sorted(oyamba)`.

Musaganize kuti izi n'za olemba khodi okha. Mukatumiza fayilo pa WhatsApp, mnzanu walandira kope, ndipo zimene mukonze usiku iye sadzaziona. Mukatumiza linki ya Google Docs ndi chilolezo chosintha, mwapereka kiyi, ndipo ndime imene iye afufute yafufutika kwa gulu lonse. Mu Excel, `=B2` ndi refarensi: B2 akasintha, selo yanu isinthanso, ndipo mukachotseratu mzere umene B2 ali, muona `#REF!`, amene ndi muvi woloza pamene palibe kanthu. Shotikati ya pa desikitopu ndi poyinta yeniyeni. Munthu akaikopera pa fulashi poganiza kuti watenga asayimenti, akafika kopulintitsa apeza kafayilo ka makilobaiti awiri kakuloza ku laputopu imene yatsala kunyumba. Kuyang'ana kukula kwa fayilo musananyamuke n'chimodzimodzi kufunsa `is`.

Amene akutsutsa

Aphunzitsi ena amati kuyamba ndi maadiresi ndi mivi kumaopseza anthu, makamaka ife amene tidathawa masamu. Amati munthu ayambe waona pulogalamu yake ikuyenda, alimbe mtima, zakuya zibwere pambuyo. Mfundo yawo ili ndi mutu. Masamu a pa poyinta mu C, ndi kusamala `malloc` ndi `free`, n'zovutadi, ndipo wofufuza za amayi a pa Msaka sakuzifuna.

Koma chimene ndikupempha si chimenecho. Ndikupempha chojambula cha mphindi khumi: dzina kumanzere, chinthu kumanja, muvi pakati. Vuto la kuchedwetsa n'lakuti wophunzira sakhala wopanda chithunzi m'mutu. Akapanda kupatsidwa cholondola, amadzipangira chake, ndipo chimene aliyense amadzipangira n'chakuti dzina ndi chidebe ndipo `=` amathira zinthu m'chidebemo. Chithunzi chimenechi chimagwira ntchito pa nambala kwa masabata angapo, mpaka chimakhazikika. Chimadzalephera pa mndandanda woyamba wa deta yeniyeni, nthawi imene maphunziro aja adatha ndipo palibe womufunsa. Kuwongola mtengo ndi paung'ono.

Komanso si zoona kuti ife a maphunziro a za anthu nkhaniyi ndi yachilendo kwa ife. Tsiku lililonse timasiyanitsa kukopera mawu a wolemba ndi kulozera tsamba la buku lake. Mawu okopera amakhala mu pepala lathu ngakhale bukulo litasowa mu laibulale. Kulozera tsamba n'kwachidule, koma buku likasindikizidwanso masamba n'kusuntha, wowerenga akapeza zina. Timadziwanso kuti munthu mmodzi kumudzi akhoza kukhala ndi dzina la kusukulu, la kuchinamwali ndi lotchulira mwana wake woyamba, ndipo wowerengera anthu amene sakudziwa zimenezi alemba anthu atatu. Ubongo umene umamva zimenezo sungalephere mivi iwiri yoloza mndandanda umodzi.

Choncho ngati mukuphunzitsa anzanu Python ku hositelo kapena m'kalabu, yambani ndi cholembera, osati kiyibodi. Apatseni mizere inayi ya `oyamba` ndi `okonza` ija, alosere chimene chituluke asanaiyendetse, kenako ajambule mivi. Ndipo inu amene muli ndi deta ya kafukufuku, fayilo yoyambirira muziiwerenga kokha, zokonza zonse muzizisunga m'dzina lina. Musanasinthe chilichonse m'kati mwa mndandanda, dzifunseni kuti ndani winanso ali ndi kiyi wa bokosi limeneli. Ngati simukudziwa, `is` akuuzani.